Mtengo Ukakhala Phee: Kufinyika kwa Mizere ya Bollinger ndi Nthawi Yolowera pa Msika

Kuyambira mu Seputembala mpaka pakati pa Novembala chaka cha 2018, mtengo wa Bitcoin unali ngati wagona tulo. Ndalama ya pa intaneti imeneyi, yomwe anthu anaizolowera kuti ikhoza kukwera kapena kugwa ndi madola mazanamazana tsiku limodzi, inkangozungulira pafupi ndi madola 6,400. Sabata iyi zomwezo, sabata inayo zomwezo. Kenako pa 14 Novembala mtengo unagumuka, ndipo pofika pakati pa Disembala unali pafupi ndi madola 3,200. Amene anali nayo anataya theka la chuma chawo m'mwezi umodzi.

Patapita zaka zinayi, kumapeto kwa Disembala 2022, bata lomwelo linabweranso. Mtengo unakhazikika pakati pa madola 16,000 ndi 17,000 kwa masabata angapo. Ulendo uno utadzuka unalowera kumwamba, ndipo Januwale wa 2023 anatha uli pafupi ndi madola 23,000.

Bata linali lofanana, koma mtengo unalowera kosiyana. Pa zochitika ziwirizi ndi pamene pagona nkhani yonse ya njira ina yochitira malonda imene amalonda a masheya ndi a foreksi amaitchula kuti sikwizi, kutanthauza kufinyika kwa mizere ya Bollinger. Njirayi imatha kukuchenjezani kuti mtengo watsala pang'ono kuyenda kwambiri. Koma siikuuzani kuti ulowera kuti, ndipo ambiri amene amaluza nayo ndalama amaluza chifukwa choiumiriza kunena chimene siinanene.

Mizere itatu

Amene anayambitsa mizereyi ndi John Bollinger, katswiri wa misika ya ndalama wa ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Patapita zaka pafupifupi 20 anaifotokoza mokwanira m'buku lake lotchedwa Bollinger on Bollinger Bands. Masiku ano pulogalamu iliyonse yojambula matchati a mitengo ili nayo, pa dzina loti Bollinger Bands, ndipo mukaisankha mumaona mizere itatu ikutsatana ndi mtengo ngati msewu wokhala ndi ngalande ziwiri.

Wapakati ndi wosavuta. Ndi avereji ya mitengo yotsekera msika ya masiku 20 apitawa: muphatikize mitengo yonse 20, mugawe ndi 20. Mawa mtengo watsopano ukalowa, wakale kwambiri umatuluka, n'chifukwa chake mzerewo umayenda.

Iwiri ya m'mbali ndi imene ili ndi nkhani. Imayeza kumwazika kwa mitengo, ndiko kuti kutalikirana kwa mitengo ya masiku 20 aja ndi avereji yawo. Tiyerekeze ndi thumba la chimanga. Pa msika wina lagulitsidwa pa K49,000, K50,000 ndi K51,000 m'masiku atatu. Pa msika wina lagulitsidwa pa K40,000, K50,000 ndi K60,000. Avereji ndi imodzimodzi, K50,000, koma msika wachiwiriwu ukugwedezeka kwambiri. Odziwa masamu ali ndi nambala yoyezera kumwazika kotereku, imene pa matchati imalembedwa StdDev. Bollinger anatenga nambala imeneyi n'kuichulukitsa kawiri, n'kuiwonjezera pa avereji kuti apeze mzere wapamwamba, n'kuichotsa pa avereji kuti apeze wapansi. Ndiye mtengo ukamalumphalumpha, mizere imatalikirana. Ukafatsa, mizere imayandikana yokha popanda woikoka.

Pali cholakwa china chimene chimamveka kawirikawiri, choti mtengo ukakhudza mzere wapamwamba ndiye kuti wakwera mopitirira, gulitsani, ndipo ukakhudza wapansi gulani. Bollinger mwiniwake amakana zimenezi. Kukhudza mzere pakokha si chizindikiro chogulira kapena chogulitsira. Mtengo ukayamba ulendo wamphamvu umatha kuyenda utakangamira mzere wapamwamba kwa masabata, ndipo amene anagulitsa pa kukhudza koyamba amatsala akuonerera.

Kufinyika n'chiyani kwenikweni

Maso amanyenga. Mizere imene ikuoneka yopanikizana pa foni ikhoza kuoneka yotakasuka pa kompyuta, malinga ndi mmene mwakokera tchaticho. Pofuna kuti pasakhale kungoganizira, Bollinger anapereka nambala ina yoyezera m'lifupi mwa msewuwo, imene amaitchula BandWidth:

```
BandWidth = (Upper - Lower) / Middle
```

Mwachidule, muchotse mzere wapansi pa wapamwamba, zotsalazo mugawe ndi wapakati. Ngati wapamwamba uli pa madola 51, wapansi pa 49, wapakati pa 50, yankho ndi 0.04, kapena kuti 4 peresenti.

Kodi 4 peresenti ndi yaing'ono? Palibe yankho limodzi. Kwa Bitcoin ndi bata lalikulu. Kwa mtengo wa yuro poyerekeza ndi dola ndi chimphepo. Chinthu chilichonse chimayezedwa ndi mbiri yake yomwe, ndipo muyeso umene Bollinger anaika ndi uwu: kufinyika kwachitika pamene BandWidth yatsika kufika pa mlingo wotsikitsitsa m'miyezi 6 yapitayi, omwe ndi masiku a malonda pafupifupi 125. Mizere ikangochepa pang'ono, kumeneko si kufinyika. Iyenera kuchepa kuposa tsiku lina lililonse m'theka la chaka. Muyeso umenewu umachotsa zambiri zimene anthu amazithamangira, ndipo pa tchati cha tsiku ndi tsiku chinthu chimodzi chikhoza kungokupatsani mwayi wotere kamodzi kapena kawiri pa chaka, mwina osakupatsani n'komwe.

Amalonda ena amatsatira muyeso wina umene anautchukitsa ndi John Carter, wolemba buku la Mastering the Trade. Iwo amajambulanso mizere ina yotchedwa Keltner Channels pa tchati chomwecho, n'kunena kuti kufinyika kulipo ngati mizere ya Bollinger yalowa m'kati mwa ya Keltner. Njira imeneyi imatulutsa zizindikiro zambiri, zabwino ndi zachabe zomwe. Kwa munthu amene akuyamba, ine ndimakonda muyeso wa miyezi 6 uja chifukwa umaphunzitsa kudikira.

Nanga n'chifukwa chiyani bata liyenera kutsatidwa ndi mkuntho? Apa pali chinthu chimene ofufuza anachiona kalekale. Mu 1963 katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot, amene ankafufuza mitengo ya thonje, analemba kuti kusintha kwakukulu kwa mitengo kumakonda kutsatana ndi kusintha kwakukulu kunzake, ndipo kwakung'ono ndi kwakung'ono kunzake. Mu 1982 Robert Engle anapeza njira ya masamu yofotokozera kusinthasintha kwa kugwedezeka kumeneku, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2003. Phunziro lake n'loti kugwedezeka kwa mitengo kumabwera m'nyengo. Pali nyengo ya bata ndi nyengo ya chipwirikiti, ndipo iliyonse imatha, mtengo n'kubwerera ku kagwedezeke kake ka masiku onse.

Pa msika penipeni zimachitika motere. Mtengo ukakhala m'kampata kakang'ono kwa nthawi yaitali, anthu amaika maoda awo kunja kwa kampatako. Amene anagula amaika oda yodzitetezera pansi pang'ono, yoti mtengo ukafika pamenepo agulitse. Amene akudikira kukwera amaika oda yogulira pamwamba pang'ono. Masiku akamapita maodawa amaunjikana mbali zonse ziwiri. Tsiku limene mtengo udzaboole mbali imodzi, maoda a kumeneko amakwaniritsidwa motsatizana, iliyonse ikukankhira mtengo patsogolo, n'kudzutsa yotsatira.

Koma taonaninso mawu a Mandelbrot aja: kusintha kwakung'ono kumatsatana ndi kwakung'ono. Ndiye kuti bata likhoza kupitirira. Mizere yofinyika lero ikhoza kufinyikanso mawa ndi mkuja, mpaka mwezi. Msodzi wa ku Nkhotakota akaona nyanja ili zii amadziwa kuti sikhala choncho mpaka kalekale, koma batalo silimuuza tsiku limene mphepo idzaombe, ndiponso silimuuza ngati udzakhala mwera kapena mpoto. N'chifukwa chake m'njira imeneyi munthu salowa pa msika mizere ikadali yofinyika. Kufinyika ndi belu lokuuzani kuti khalani tcheru. Kulowa kumadikira kuti mizere iyasame.

Mizere ikayasama

Lamulo la Bollinger m'buku lake n'lalifupi: kufinyika kukachitika, mtengo ukaboola mzere wapamwamba gulani, ukaboola wapansi gulitsani. Kugulitsa kumene akunenako ndi kuja kogulitsa chinthu chobwereka n'cholinga chodzachigulanso chitatsika, kumene kumatheka pa misika ikuluikulu ndi pa foreksi. Amalonda ambiri amawonjezera zotchinga zingapo pa lamuloli, ndipo zimamveka bwino tikaziona zikugwira ntchito. Tiyeni tipange chitsanzo chongoyerekeza, cha sheya ya kampani imene kulibe, koma masamu ake akhale enieni.

Miyezi itatu yapitayo sheyayi inkagwedezeka kwambiri. Avereji inali madola 50, kumwazika kunali madola 2, choncho mizere inali pa 54 ndi 46, ndipo BandWidth inali 16 peresenti. Kuyambira pamenepo yakhala ikufatsa. Lero avereji ikadali 50.00, kumwazika kwatsika kufika 0.50, mizere ili pa 51.00 ndi 49.00, BandWidth ili pa 4 peresenti. Mwayang'ana m'mbuyo masiku 125 ndipo palibe tsiku limene inatsikapo chonchi. Kufinyika kulipo. Simukugula kanthu. Mukungolemba manambalawo m'kope.

Lachiwiri masana mtengo wakwera kufika 51.20, kudutsa mzere wapamwamba. Apa ndi pamene manja amayabwa. Koma pofika nthawi yotseka msika wabwerera pa 50.40. Chotchinga choyamba ndi chimenechi: chimene timawerengera ndi mtengo wotsekera, osati pamene unangofika masana. Mizere yomwe ija imawerengedwa ndi mitengo yotsekera, ndipo mtengo umene wasuzumira kunja n'kubwerera wasonyeza kuti kunjako kunalibe ogula okwanira.

Patapita masiku angapo, zinthu zili monga zinalili, msika watseka pa 51.60. Tsopano tiwerengenso, chifukwa mtengo watsopanowu walowa m'gulu la masiku 20 aja. Tinene kuti umene watuluka unali 50.00 ndendende. Avereji yakwera kufika 50.08. Kumwazika kwakwera kuchoka 0.50 kufika 0.61. Mzere wapamwamba uli pa 51.30, wapansi pa 48.86, ndipo BandWidth yachoka pa 4 kufika pafupifupi 4.9 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wotsekera, 51.60, uli kunja kwa mzere wapamwamba ngakhale mzerewo wasuntha.

Taonani mzere wapansi. Mtengo wakwera, koma iwo watsika, kuchoka 49.00 kufika 48.86. Ichi ndi chotchinga chachiwiri, ndipo ndi chimene ndimachiyang'ana kwambiri. Mizere iyenera kuyasama ngati kukamwa kwa ng'ona, wina kumwamba wina pansi. Zikatero ndiye kuti kumwazika kwakula msanga kuposa mmene avereji yasunthira, kutanthauza kuti kugwedezeka kwabweradi. Ngati mtengo wadutsa mzere wapamwamba koma wapansi uli chigonere kapena ukukwera nawo, ndiye kuti mtengo ukungokwawa, ndipo bata silinathe.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa masheya amene agulidwa tsikulo, kumene pa tchati kumalembedwa Volume. M'masiku a bata nambalayi imakonda kuchepa. Tsiku loboola iyenera kuonekeratu kuti yakula kuposa avereji yake ya masabata apitawa. Ngati mtengo walumpha koma ogula ndi ochepa, mwina ndi munthu mmodzi amene anaika oda yaikulu, ndipo mawa kulibe womutsatira. A foreksi asamale pano: msika wawo ulibe malo amodzi owerengera malonda onse, choncho nambala imene amaiona pa foni nthawi zambiri imangowerenga kuti mtengo wasintha kangati kwa buloka wawoyo. Imathandiza pang'ono, koma si yofanana ndi ya masheya.

Zitatu zonsezi zikagwirizana, mumagula m'mawa mwake msika ukatsegula. Tinene kuti mwapeza pa 51.70.

Musanagule, funso n'lakuti mutulukira pati zikalakwika

Pali malo awiri odziwika oikapo oda yodzitetezera, imene amalonda amaitchula sitopu losi. Oyamba ndi pansi pang'ono pa mzere wapakati, tinene pa 50.00. Maganizo ake ndi akuti mtengo ukabwerera pakati pa msewu ndiye kuti kuboola kuja kunali kwabodza. Achiwiri ndi pansi pa mzere wapansi, tinene pa 48.80, amene amapatsa mtengo mpata wopuma koma amakudyerani zambiri zikavuta. Ubwino waukulu wa kufinyika uli pomwepa. Popeza msewu ndi wopapatiza, malo onse awiriwa ali pafupi. Miyezi itatu yapitayo, mizere ili pa 54 ndi 46, kuchoka pa mzere wapamwamba kufika wapakati panali madola 4. Lero ndi ochepera 2.

Kutalika kumeneku ndi kumene kumakuuzani kuchuluka kwa masheya oti mugule. Tinene kuti muli ndi madola 5,000 ndipo mwatsimikiza kuti pa malonda amodzi simuluza zoposa 1 peresenti, omwe ndi madola 50. Mukasankha 50.00, sheya iliyonse ikhoza kukuluzitsani 1.70. Mugawe 50 ndi 1.70, mupeza masheya 29, amene akudyerani pafupifupi madola 1,500. Mukasankha 48.80, sheya iliyonse ikhoza kukuluzitsani 2.90, ndipo mugula masheya 17 okha. Ndalama zimene mwaika pachiswe n'zofanana. Chimene chasintha ndi kukula kwa katundu. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa: amayamba ndi kusankha kuchuluka kwa katundu molingana ndi phindu limene akulota, kenako n'kufunafuna poika chitetezo.

Tipitirize ndi masheya 29 aja. Zikayenda bwino, mtengo umakwera utakangamira mzere wapamwamba, 52, 54, mpaka 57 m'masabata angapo, mzere wapakati ukutsatira pambuyo. Simugulitsa chifukwa choti wakhudza mzere wapamwamba. Mumangokweza chitetezo chanu motsatira mzere wapakati, ndipo mumatuluka tsiku limene msika watseka pansi pake. Tinene kuti zachitika pa 55.10. Phindu ndi 3.40 pa sheya, madola 98.60 onse pamodzi, kuwirikiza kawiri zimene munaika pachiswe. Simunagulitse pa 57, ndipo m'njira imeneyi simudzagulitsapo pa nsonga. Bollinger amatchula njira zinanso ziwiri zotulukira: kudikira mpaka mtengo ukhudze mzere wa tsidya lina, kapena kutsatira timadontho ta Parabolic SAR, chida chimene J. Welles Wilder anachifotokoza mu 1978. Chofunika n'kusankha imodzi musanalowe.

Njomba

Tsopano mbali imene imapweteka. Bollinger amachenjeza kuti kawirikawiri kufinyika kukamatha, mtengo umayamba wathamangira mbali imodzi, anthu n'kuutsatira, kenako n'kutembenuka mwamphamvu kulowera mbali inayo. Dzina limene analipatsa khalidweli ndi la m'masewero, lonena za wosewera amene amapendeketsa mutu uku thupi likupita uko. Kwathu kuno tingati mtengo wakudyetsani njomba.

Mu chitsanzo chathu zingaoneke motere. Mwagula pa 51.70. Tsiku lomwelo msika watseka pa 51.10, m'kati mwa mizere. Mawa lake 50.50. Tsiku lachitatu oda yanu yakwaniritsidwa pa 50.00 ndipo mwaluza madola 49.30. Patapita masiku awiri msika watseka pansi pa mzere wapansi, masheya ogulitsidwa ali ambiri, ndipo ulendo weniweni wayamba, wopita pansi.

Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Kuboola kwenikweni sikukonda kubwerera m'kati mwa mizere tsiku lotsatira lomwe n'kukhala momwemo. BandWidth imapitiriza kukula masiku angapo otsatizana. Mukaona mtengo wabwerera m'kati, BandWidth yaima, ogula achepa, dziwani kuti njomba yayandikira.

Pali njira ziwiri zochitira nazo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi kudikira tsiku lachiwiri lotseka kunja kwa mzere, kapena kudikira kuti mtengo udutse nsonga ya tsiku loboola lija. Mupewa njomba zambiri, koma mugula modula, mwina pa 52.50 m'malo mwa 51.70, chitetezo chanu n'kutalikira. Yachiwiri ndi kulowa pa chizindikiro choyamba muli okonzeka kutuluka n'kutembenuka ngati mtengo waboola tsidya linalo. Imeneyi imafuna mtima wolimba, chifukwa mukulowanso mutangoluza kumene, ndiponso imafuna msika umene umalola kugulitsa zobwereka. Kwa munthu amene amangogula masheya basi, kuboola kwa pansi kumangotanthauza kuti khalani pambali, kapena gulitsani zimene muli nazo.

Palinso choopsa chimene oda yodzitetezera siingachiletse. Kampani ikalengeza nkhani yoipa usiku, msika ukhoza kutsegula pa 48.00 osadutsa pa 50.00 n'komwe. Oda yanu ikwaniritsidwa pa 48.00, ndipo mwaluza madola 107.30, kuposa kawiri zimene munakonzekera. Pa chifukwa chimenechi, musanalowe, onani kalendala. Nthawi zambiri sheya imafatsa chifukwa anthu akudikira lipoti la phindu la kampani kapena chigamulo cha banki yaikulu pa chiwongoladzanja. Kufinyika kotero n'kwenikweni, koma kutha kwake kumakhala kulumpha kumodzi kumene simungakukwere pakati.

Masamu a njira yonseyi ndi osavuta kuwaona. Tiyerekeze kuti pa malonda 10, anayi apambana madola 100 aliwonse, 6 aluza madola 50 aliwonse. Mwapeza 400, mwataya 300, mwatsala ndi 100. Ngati buloka amakudulani madola 5 pa malonda aliwonse, theka la phindulo lapita. Ndipo opambana akangokhala atatu m'malo mwa anayi, mwapeza 300, mwataya 350. Malire a pakati pa kupindula ndi kuluza ndi opyapyala choncho, ndipo amadalira kuti musadule msanga malonda opambana, komanso musalekerere oluza.

Apa ndinenepo za matchati a mphindi zisanu, amene achinyamata ambiri ochita foreksi pa foni amawakonda. Pa tchati chotero mizere ya yuro ndi dola imakonda kufinyika usiku uliwonse misika ya ku Ulaya ndi ku America ikatseka, n'kuyasama London ikatsegula, cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa nthawi ya ku Malawi. Imeneyo ndi wotchi chabe, si chinsinsi cha msika. Mtengo umayenda pang'ono, pamene kagawo kamene buloka amadya pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira kamakhala komweko, ndiye gawo lalikulu la phindu limathera kwa iye.

Bata lochita kuikidwa

Chenjezo lalikulu kuposa onse ndi lokhudza chimene chabweretsa batalo. Njira imeneyi imaganiza kuti ogula ndi ogulitsa ambiri akukokana mwaufulu ndipo kwa kanthawi mphamvu zawo zafanana. Pamene mtengo wafatsa chifukwa wina waugwira ndi dzanja, mizere imafinyika chimodzimodzi, koma malamulo olowera aja sagwira ntchito.

Pa 6 Seputembala 2011 banki yaikulu ya ku Switzerland inalengeza kuti siilola yuro imodzi kutsika pansi pa mafulanki 1.20. Chakumapeto kwa 2014 mtengowo unali utakhazikika pamwamba pang'ono pa malire amenewo, mizere ya Bollinger itapanikizana zedi. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inachotsa malirewo mosachenjeza. M'mphindi zochepa yuro inagwa kufika pansi pa fulanki imodzi. Panalibe tsiku lotseka kunja kwa mzere loti munthu alione n'kulowa mawa lake. Maoda odzitetezera anakwaniritsidwa kutali kwambiri ndi pamene anaikidwa, amalonda ena anatsala ndi ngongole kwa mabuloka awo, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa.

Ife a ku Malawi mtundu umenewu wa bata timaudziwa. Mtengo wa dola m'mabanki umatha kukhala malo amodzi kwa miyezi, kenako Reserve Bank of Malawi n'kulengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu, monga zinachitikira mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, komanso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mutajambula mizere ya Bollinger pa mtengo umenewo mupeza kufinyika kooneka bwino kotsatidwa ndi kuyasama kwakukulu, koma pakati pake panalibe khomo loti munthu alowerepo. Dzulo mtengo unali uwu, lero ndi uwo.

Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, vuto limabwera mwa mtundu wina. Masheya a makampani ena amatha masiku angapo osagulidwa, kapena kugulidwa ochepa kwambiri, mtengo wolembedwa n'kukhala womwewo. Mitengo 20 yofanana imapereka kumwazika kwa ziro, ndipo mizere itatu ija imasanduka umodzi. Zikatero oda imodzi yaing'ono ndi yokwanira kutulutsa mtengo kunja kwa mzere, ndipo tchati chimaonetsa ngati ulendo wayamba. Choncho musanakhulupirire kufinyika pa sheya iliyonse ya kumeneko, tsegulani malipoti a malonda a tsiku ndi tsiku a masiku 20 amenewo, muwerenge kuti ndi masiku angati amene sheyayo inagulidwadi, ndiponso masheya angati pa tsiku. Ngati masheya amene mukufuna kugula akuposa amene amagulidwa pa tsiku wamba, ndiye kuti tsiku lodzafuna kutuluka pa mzere wapakati mudzakhala mukudikira wogula, mtengo ukutsika.